Liti, Ndani, Umboni Uli Kuti

Munthu amene amalandira madandaulo ku ofesi sanalipo pamene zinthu zinkachitika. Inu sakudziwani, amene mukumudandaulayo samudziwanso, ndipo panja pa chitseko chake pali benchi yodzaza ndi anthu ena amene aliyense wabwera ndi nkhani yake yowawa. Ngakhale atakumverani chisoni chotani, sangalembe m'faelo kuti "ndamukhulupirira chifukwa amaoneka woona mtima." Akhoza kulemba zokhazo zimene wazitsimikiza. Ndiye funso limene ndimadzifunsa ndikamathandiza wina kulemba dandaulo ndi limodzi: kodi mlendo amene sakutidziwa angatsimikize bwanji chiganizo ichi popanda kudalira mawu athu?

Yankho lake, pa madandaulo ambiri amene ndawaona, limakhala kamndandanda kafupi ka masiku, kosapitirira tsamba limodzi. Mzere uliwonse umanena tsiku, chimene chinachitika, amene anachita, ndi kumene umboni wake uli. Kuuona utalembedwa umaoneka wophweka. Kuti uutulutse m'nkhani ya munthu amene mtima wake ukuwawa, pamakhala ntchito.

Amalume anga anali mlonda pa kampani ina mu Blantyre, imene dzina lake sinditchula. Anachotsedwa ntchito patangopita milungu yochepa chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Atabwera kwathu kuti tilembe zopita nazo ku leba, anayamba nkhani yawo monga mmene munthu wamkulu amayambira mlandu pabwalo: kumene unachokera. Anayamba ndi chaka chimene analowa ntchito, za kapitawo wakale amene ankawakonda, za kapitawo watsopano amene anabwera ndi abale ake, za yunifomu imene anaigula ndi ndalama zawo, kenako za mvula, kenako n'kubwereranso kwa kapitawo. Kafotokozedwe kameneka ine sindikanyoza. Pabwalo la amfumu kamagwira ntchito bwino, chifukwa onse okhudzidwa amakhala pomwepo, ofunsa amafunsa, mboni imadzutsidwa nthawi yomweyo, ndipo dzuwa likapendeka nkhani yonse imakhala itayalidwa. Ku ofesi pepala limawerengedwa mwini wake atapita kale kunyumba. Limene silinayankhe funso, palibe womufunsa.

Nditawamvetsera mpaka kumapeto, ndinawapempha kuti atulutse chilichonse cholembedwa chimene anali nacho. Anatulutsa jumbo ya pulasitiki m'thumba la jekete. Munali kalata yowalemba ntchito itapindidwa kanayi, m'mopindikamo mutayamba kung'ambika. Kalata yowachotsa ntchito. Kabuku ka kuchipatala ka mwana wawo wamng'ono. Ndi kalata ina imene anaibweza msanga m'jumbomo. Patebulo anaikaponso kafoni kawo ka mabatani, komangidwa ndi mphira kuti batire lisagwe. Tinayambira pamenepo, pa zinthu zimene zinali ndi masiku kale, osati pa zimene amakumbukira. Kukumbukira kumasokoneza ndondomeko ya zinthu, makamaka pa masiku a chipwirikiti. Munthu amakumbukira bwino mawu achipongwe amene anauzidwa, koma kuti linali Lolemba kapena Lachinayi, mutu umangosankha limodzi n'kulikakamira.

Tsiku loyamba kulipeza linali losavuta, chifukwa dziko lonse likulidziwa. Pa 13 Malichi 2023, Lolemba, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kugumula nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo, ndipo tsiku lomwelo boma linalengeza kuti m'chigawo cha kummwera mwagwa ngozi yadzidzidzi. Amalume sanapite ku ntchito usiku umenewo chifukwa khoma la nyumba yawo linagwa n'kuvulaza mwana mwendo. Chochitika chodziwika chotere ndi chikhomo chabwino. Munthu amene sasunga masiku ukamufunsa kuti "zinali mvula ija isanayambe kapena itatha? Pasaka anali atadutsa?", amayamba kuyika zinthu m'malo mwake. Koma chikhomocho chimangotsimikiza kuti mvula inagwa. Sichitsimikiza kuti khoma la amalume linagwa. Pa chimenecho panafunika kabuku ka kuchipatala, mmene munali tsiku la 14 Malichi, cholembedwa ndi dzanja la wachipatala, ndi mawu onena za bala la mwendo.

Kafoni kaja kanatiphunzitsa china. Amalume anati anamutumizira kapitawo uthenga madzulo a Lolembalo kumuuza kuti safika. Uthengawo unalimodi m'foni, koma tsiku lake linali la chaka china chakale, chifukwa batire likangogwa koloko ya kafoniko inkabwerera kumene inayambira. Uthenga umene watumiza umatenga nthawi ya koloko ya foni yako. Umene walandira, pa mafoni ambiri otere, umabwera ndi nthawi yochokera ku netiweki. Choncho tinasiya uthenga wawo n'kufunafuna yankho la kapitawo, ndipo linapezeka: mawu awiri okha ovomera kuti wamva, pa 13 Malichi, nthawi ya 17:12. Tinajambula mauthenga onse awiri ndi foni ina, nambala ya kapitawo ikuoneka, tsiku likuoneka, kenako tinakasindikiza. Amene ali ndi foni yamakono asamale pomwepa: chithunzi cha uthenga chimene pamwamba pake pangolembedwa nthawi, kapena mawu akuti dzulo, sichiuza wowerenga kuti linali dzulo la liti. Tsiku lathunthu lioneke pachithunzipo.

Zimene tinalemba pomaliza zinali izi, ndipo pepala lililonse la umboni tinalilemba chilembo pakona ndi cholembera chofiira:

1 Febuluwale 2019: Ndinayamba ntchito ya ulonda. Umboni: kalata yondilemba ntchito, pepala A.

9 Novembala 2022: Ndinapatsidwa kalata ya chenjezo chifukwa chofika mochedwa. Umboni: pepala B.

13 Malichi 2023: Sindinapite ku ntchito ya usiku, khoma la nyumba linagwa. Ndinadziwitsa kapitawo pa foni ndipo anayankha nthawi ya 17:12. Umboni: pepala C.

14 ndi 15 Malichi 2023: Sindinapite ku ntchito. Pa 14 ndinali kuchipatala ndi mwana. Umboni: pepala D. Masiku awiriwa sindinatumize uthenga wina.

16 ndi 17 Malichi 2023: Ndinagwira ntchito usiku wonse uwiri ndipo ndinasaina m'buku la pageti. Bukuli lili ku kampani.

20 Malichi 2023: Kapitawo anandiuza pakamwa, pageti, kuti ndisabwerenso kufikira nditaitanidwa. Analipo mlonda mnzanga wa masana.

31 Malichi 2023: Ndinalandira K50,000. Mwezi wa Febuluwale ndinalandira K60,000. Umboni: mauthenga a malipiro, pepala E.

14 Epulo 2023: Ndinalandira pamanja kalata yondichotsa ntchito, yolembedwa tsiku la 3 Epulo. Ikunena kuti ndinajomba kuyambira pa 13 mpaka pa 17 Malichi, ndipo kuti mlandu wanga unamvedwa pa 28 Malichi. Umboni: pepala F. Kuyambira pa 20 Malichi mpaka pa 14 Epulo sindinalandire kalata, foni kapena uthenga wondiitana ku mlandu.

Mizere isanu ndi itatu. Umene tinakanganapo kwambiri unali wachiwiri.

Kalata imene anaibweza m'jumbo ija inali ya chenjezolo. "Mphwanga," anatero, "ukufuna ndikadzipereke ndekha? Imeneyo ndi nkhani ina, inatha kale." Ndinawauza kuti, "Malume, kalatayi ku kampani ili m'faelo mwanu. Inu mukapanda kuitchula, iwo akaitulutsa, ndipo wa ku leba akayamba kudzifunsa kuti n'chiyaninso china chimene mwabisa." Mpaka lero ndimaona choncho. Mndandanda umene uli ndi masiku okomera wodandaula okhaokha umagwa pa tsiku loyamba limene mbali inayo yabweretsa. Ukalitchula wekha, uli ndi mwayi woliyika pamalo pake: chenjezo limodzi, la kuchedwa osati kujomba, pa zaka zinayi. Momwemonso ndi chiganizo chakuti pa 14 ndi 15 sanatumize uthenga. Chinkawawa kuchilemba, koma chinali choona, ndipo kapitawo akanatha kuchisonyeza pongotsegula foni yake. Sindikunena kuti munthu alembe machimo ake onse chibadwire. Muyeso wake ndi wakuti: kodi mbali inayo idzagwiritsa ntchito chimenechi pa nkhani yomweyi? Ngati inde, chikhale pa mndandanda.

Zimene zinatsala kunja zinali zambiri kuposa zimene zinalowa. Za kapitawo kubweretsa abale ake, amalume anali nazo chikhulupiriro chonse, ndipo mwina n'zoona. Koma zinalibe tsiku, zinalibe pepala, zinalibe munthu amene akanaima n'kunena kuti ndinaona. Pali zimene munthu anaona ndi maso ake kapena kumva ndi makutu ake, pali zimene anauzidwa ndi wina, ndipo pali zimene waganiza yekha poona mmene zinthu zayendera. Pa mndandanda timayika zoyambazo. Zouzidwa zikalowa, zilowe ndi dzina la amene ananena ndi tsiku limene ananena. Zoganizira zili ndi malo ake m'kalata ya dandaulo, kumene munthu anganene poyera kuti "ndikukhulupirira kuti." Ukalemba pa mndandanda kuti "pa 20 Malichi kapitawo anandithamangitsa mwankhanza kuti alowetse mlamu wake," wasakaniza zitatu zonse m'chiganizo chimodzi, ndipo wowerenga akalephera kutsimikiza za mlamuyo amakayikanso za tsiku ndi za pageti, zimene zinali zolimba.

N'chifukwa chake pa mzere wa malipiro sitinalembe kuti "anandibera." Tinalemba ndalama ziwirizo moyandikana. Kusiyana kwake ndi K10,000, ndipo aliyense wogawa K60,000 m'masiku 30 apeza K2,000 pa tsiku, kutanthauza kuti anadula masiku asanu. Wa ku leba akadziwerengera yekha, chiwerengerocho chimakhala chake.

Mzere wa pa 16 ndi 17 ndi umene unali ndi mphamvu kuposa yonse, ngakhale kuti umboni wake tinalibe m'manja. Kalata ya kampani inkati masiku asanu, amalume ankati atatu. Kukangana pakamwa pa zimenezi sikukanatha. Koma alonda amasaina m'buku polowa ndi potuluka, ndipo bukulo limakhala ndi masiku motsatizana, dzina la wina pamwamba, la wina pansi, kotero kuti n'kovuta kulisintha osaonekera. Mndandanda sufuna kuti umboni wonse ukhale nawo iwe. Ufuna kuti umuuze wowerenga chinthu chenicheni choti aitanitse, kwa ndani, ndi tsamba la tsiku liti. "Funsani ku kampani" n'kumutuma kutchire. "Buku la pageti, usiku wa pa 16 ndi wa pa 17 Malichi" ndi ntchito ya mphindi zochepa. Pa ntchito ya usiku pali kamsampha kena: munthu amalowa tsiku lina n'kutuluka tsiku lotsatira. Amalume ankati anabwerera ku ntchito "Lachisanu" chifukwa ankakumbukira m'mawa umene anaweruka, pamene analowa Lachinayi madzulo. Tinagwirizana kuwerenga usiku uliwonse ndi tsiku lolowera, ndipo tinalemba zimenezo m'munsi mwa mndandanda kuti wina asaone ngati masiku akutsutsana.

Chovuta kwambiri kuchilemba ndi chinthu chimene sichinachitike. Kusaitanidwa ku mlandu kulibe tsiku, ndipo palibe pepala limene lingasonyeze kuti pepala lina silinabwere. Njira yake ndi kutchula malire: kuyambira tsiku lakuti mpaka tsiku lakuti, sindinalandire chakuti, kudzera njira zakutizakuti. Ukatero wapereka chiganizo chimene mbali inayo ingachigwetse ngati ili ndi umboni, monga kalata yoitana yokhala ndi siginecha yako. Ikalephera kuutulutsa, wowerenga amaona yekha. Ndipo mzerewu sunali wongokometsera. Lamulo la zolembana ntchito la chaka cha 2000, pa gawo 57, limati munthu asachotsedwe ntchito pa zifukwa za khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito asanapatsidwe mwayi wodziteteza. Amene akudziwa chimene lamulo likufunsa amadziwanso masiku oyenera kukhala pa mndandanda. Za yunifomu zinali dandaulo loona, koma sizinkayankha funso lililonse la nkhani ya kuchotsedwayi, ndiye tinazisunga kuti zikanenedwe padera.

Mzere womaliza uli ndi masiku awiri a kalata imodzi, ndipo onse ndi ofunika. Kalata ili ndi tsiku limene inalembedwa ndi tsiku limene inafika m'manja, ndipo apa panali kusiyana kwa masiku 11. Ambiri amalemba limodzi lokha, kawirikawiri lolandirira, kenako wowerenga akayang'ana pepala F n'kuona 3 Epulo pamene iwe walemba 14 Epulo, amaganiza kuti walakwitsa kapena ukunama. Kulemba onse awiri kumachotsa chikayiko chimenecho chisanabadwe. Ndimalimbikitsanso kulemba mwezi m'mawu. Manambala okhaokha ngati 03/04/2023 wina amawawerenga kuti 3 Epulo, kompyuta ina n'kuwaonetsa ngati 4 Malichi, ndipo pa nkhani iyi 4 Malichi ndiye kuti mvula isanagwe n'komwe.

Akuluakulu amati mlandu suola, koma ku leba uli ndi nthawi yake. Gawo 62 la lamulo lomwelo limapereka miyezi itatu kuchokera pa tsiku lochotsedwa ntchito kuti munthu akadandaule kwa mkulu wa zantchito wa m'boma lake. Tsono amalume anachotsedwa liti? Pa 14 Epulo pamene analandira kalata, pa 3 Epulo pamene inalembedwa, kapena pa 20 Malichi pamene anauzidwa kuti asabwerenso? Mndandanda sunatiyankhe funsoli, koma unationetsa kuti funsolo lilipo, zimene nkhani yofotokozedwa pakamwa ija inabisa. Tinasankha kuwerengera kuchokera pa tsiku loyambirira mwa atatuwo, kuti malire athu akhale 20 Juni, ndipo tinapita kale kwambiri tsikulo lisanayandikire. Munthu amene wawerengera kuchokera pa tsiku lomukomera akhoza kukafika n'kupeza kuti mkangano woyamba ndi wakuti wachedwa kapena ayi, nkhani yeniyeni isanakhudzidwe.

Nanga pamene tsiku lenileni silikupezeka? Apa ndi pamene anthu ambiri amadzivulaza okha. Amaona kuti mndandanda ukufuna nambala, ndiye amaikapo imene ikumveka bwino. Tsiku limodzi lopeka likagwidwa, mwachitsanzo likapezeka kuti linali Lamulungu kapena la tchuthi pamene ofesi inali yotseka, limaipitsa ena onse. Ndi bwino kulemba kuti "pakati pa 20 ndi 24 Malichi" kapena "mlungu wotsatira Pasaka," n'kunena chimene wadalira poyerekezapo. Ife tinayang'ana tsiku lililonse pa kalendala ya chakacho kuti tione ngati likugwa pa tsiku la mlungu limene amalume ankanena. La 20 Malichi tinalipeza motero: anati linali Lolemba loyamba atabwerera ku ntchito, ndipo mnzawo wa masana uja, titamuimbira, anavomera. Tinamufunsanso ngati akulola kutchulidwa, popeza iye anali akadali pa ntchito pomwepo ndipo ana ake amadya za pomwepo. Analola kuti dzina lake liperekedwe kwa wa ku leba yekha akalifuna. N'chifukwa chake pa mndandanda panalembedwa udindo wake, osati dzina.

Pali chimene mndandandawu sunathe kunyamula, ndipo ndimachimva kulemera mpaka pano. Nditawawerengera mizere ija, amalume anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Zonse zija zatha n'kukhala zimenezi?" Munalibemo usiku umene ananyamula mwana kumsana m'matope ofika m'mawondo. Munalibemo manyazi obwezedwa pageti pamaso pa anyamata amene iwo anawaphunzitsa ntchito. Zimenezi n'zoona ngati mmene 17:12 ilili yoona, kungoti palibe buku limene munthu angatsegule kuti azitsimikize. Tinazilemba m'kalata ya dandaulo, ndime imodzi, m'mawu awo, ndipo mndandanda tinauyika pambuyo pa ndime yoyamba yonena chimene akupempha. Ndikuganiza kuti munthu ali ndi ufulu wonena mmene zinamupwetekera. Ndikuganizanso kuti ndimeyo imawerengedwa mosiyana ndi munthu amene wayamba watsimikiza mizere isanu ndi itatu n'kuipeza yolondola.

Tinakapereka dandaulolo pa 24 Epulo, mapepala onse ali mafotokope, enieni atatsala kunyumba m'jumbo muja. Tinapempha kuti kope yathu idindidwe chidindo cha tsiku limenelo, ndipo madzulo ake tinawonjezera mzere wachisanu ndi chinayi pa mndandanda wathu, chifukwa lamulo limapatsa mkulu wa zantchito mwezi umodzi woti ayese kuthetsa nkhani isanapite ku khothi loona milandu ya pantchito, ndipo mweziwo umafunika poyambira pake.

Pa tsiku lokumana mbali zonse, woimira kampani anauzidwa kuti abwere ndi buku la pageti ndi kalata yoitanira amalume ku mlandu wa pa 28 Malichi. Buku linabwera, ndipo siginecha ya amalume inalipo pa usiku wa pa 16 ndi wa pa 17. Kalata yoitana sinabwere. Woimira kampaniyo anatulutsa chenjezo la mu Novembala, wa ku leba n'kumusonyeza kuti lili kale pa mzere wachiwiri. Kuyambira pamenepo panalibenso wokamba za masiku asanu. Zokambirana zinatsala pa masiku atatu a namondwe, limodzi lodziwitsidwa ndi awiri osadziwitsidwa, pa malipiro a masiku awiri amene anadulidwa munthu atagwira ntchito, ndi pa ndalama zimene kampani iyenera kupereka pochotsa munthu wa zaka zinayi osamumva.